Kupempha masiku owonjezera pa ntchito yakunyumba ya intavyu

Makampani ambiri masiku ano sakhutira ndi kucheza nawe pa intavyu kokha. Amakupatsa kantchito koti ukachitire kunyumba, n'kukuuza tsiku lobweza. Chomwe ndaphunzira m'miyezi yofunafuna ntchito ya kusanthula deta n'chakuti kupempha nthawi yowonjezera n'kololedwa, bola pempholo limuthandize wolemba anthu ntchitoyo kukonza kalendala yake.

Munthu amene amakutumizira imelo nthawi zambiri si amene adzachonge ntchito yako. Iye ndi mkhalapakati. Mbali ina ali ndi bwana wa dipatimenti amene wapatula tsiku loona mayankho, mbali ina ali ndi anzako opikisana nawe omwe akuyembekeza zotsatira. Ukamulembera kuti "ndikupempha kanthawi pang'ono", wamusiya m'malere, chifukwa alibe choti akanene kwa bwanayo. Ukamuuza tsiku ndi ola, amangoyang'ana kalendala n'kuyankha kuti eya kapena ayi.

Ntchito yanga inabwera Lachiwiri: fayilo ya CSV ya malonda, mafunso oyankha ndi SQL, chilankhulo cha pakompyuta chofufuzira deta, ndi lipoti la tsamba limodzi, zonse zibwezedwe Lachisanu 5 koloko madzulo. Nditatsegula fayiloyo ndinapeza mizere yobwerezabwereza komanso madeti olembedwa m'njira ziwiri, ena oyamba ndi tsiku, ena oyamba ndi mwezi. Deti ngati 03/04 sungalidziwe ngati ndi la Malichi kapena la Epulo usanayerekeze ndi mizere yoyandikana nayo, ndipo kuyeretsa koteroko kumadya nthawi. Sabata yomweyo kuntchito kwanga tinkatseka mabuku a mwezi. Ndinalemba imelo yopempha nthawi Lachitatu m'mawa, tsiku lobweza lisanayandikire.

Ndinayankha pa imelo yomweyo imene inabweretsa ntchitoyo, kuti asavutike kufufuza kuti ndine ndani. Inali m'Chingerezi, koma mawu ake anali awa:

"Zikomo ponditumizira ntchitoyi. Ndayamba kale, ndipo gawo loyeretsa deta lili pafupi kutha. Sabata ino kuntchito kwanga tikutseka mabuku a mwezi, choncho ndikupempha ngati n'kotheka kuti ndibweze Lolemba 9 koloko m'mawa, nthawi ya ku Malawi, m'malo mwa Lachisanu. Ngati zimenezi zisokoneza ndondomeko yanu, ndidzatumiza Lachisanu lomwelo zomwe ndidzakhale nditamaliza."

Ndinasankha Lolemba m'mawa dala. Maofesi ambiri sagwira ntchito Loweruka ndi Lamulungu, ndiye yankho lofika Lachisanu madzulo limangogona mpaka Lolemba. Ine ndapeza masiku awiri athunthu, iwo sanataye chilichonse. Ndikanapempha Lachitatu la sabata yotsatira, ndikanakhudza tsiku lawo lochonga, ndipo kuvomera kukanavuta. Nthawi ya ku Malawi ndinaitchula chifukwa wolemba ntchitoyo anali ku London, komwe wotchi imakhala kumbuyo kwa yathu ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okotobala, ndi maola awiri miyezi yotsalayo.

Za chifukwa, chiganizo chimodzi n'chokwanira. Ife tinaleredwa kuti popempha kwa wamkulu uyambire kutali, upepese, ufotokoze mavuto onse. Ndi khalidwe labwino ndipo ndimalilemekeza, koma munthu amene akuwerenga maimelo ochuluka tsiku limodzi amaona ulemu pa kufupikitsa ndi kunena zoona. Kaya ndi maliro, matenda, magetsi kapena ntchito yomwe uli nayo pano, itchule mwachidule osakometsera. Chiganizo chonena zomwe wachita kale n'chimene chimaonetsa kuti sunangoikhalira ntchitoyo.

Palinso malire ake. Mayeso ena amabwera ngati linki ya HackerRank kapena Codility, mawebusayiti oyesera anthu luso lolemba mapulogalamu a pakompyuta, pomwe wotchi imayamba kuwerenga ukangoyamba mayesowo. Pamenepo chomwe ungapemphe ndi kusuntha tsiku lomwe linkiyo ithere mphamvu, ndipo upemphe usanayambe. Komanso ngati analemba kuti ntchitoyo isapitirire maola anayi, masiku owonjezerawo ndi oti upeze mpata wa maola anayiwo, osati kuti uchite ntchito ya maola makumi awiri.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwa anzanga ambiri n'kutenga chete ngati chilolezo. Ngati sanayankhe, tsiku loyamba lija likadalipo. N'chifukwa chake ndinapitiriza kugwira ntchito ngati kuti Lachisanu silinasunthe, mpaka yankho lovomera linafika Lachinayi. Ukapatsidwa tsiku latsopano, usapemphenso kachiwiri. Ngati gawo lina latsalabe, tumiza zomwe zilipo ndipo ulembe pamwamba pa lipoti gawo lomwe silinathe ndi momwe ukanalichitira.