Awiri sanadye, wina shuga anakwera, wina anatsika

Kiliniki yathu ya matenda a shuga pachipatala cha boma imachitika Lachitatu, koma sabata ino ntchito yeniyeni inali kuwodi. Lolemba madzulo anabwera ndi mtsikana wa zaka 14 amene ali ndi shuga wa mtundu woyamba. Ankapuma mozama ndiponso mofulumira, milomo itauma, akudandaula m'mimba. Nditamuyeza chala, makina sanapereke nambala, anangolemba HI, kusonyeza kuti shuga wakwera kupyola pamene makinawo angayeze. Mkodzo unali wodzaza ndi maketoni, asidi amene thupi limapanga likamasungunula mafuta, ndipo magazi anaonetsa malungo.

Mayi ake anati, "Adokotala, kuyambira Loweruka akungosanza, sanadye kanthu. Ndinaopa kumubaya insulini, ndimati shuga atsika kwambiri." Mayiwa anaganiza ngati kholo losamala mwana wake. Chimene sanauzidwe n'chakuti shuga wa m'magazi sachokera m'mbale mokha.

Kuseri kwa chifu kuli kapamba, ndipo m'kapambamo muli timagulu ta maselo totulutsa mahomoni awiri. Munthu akadya nsima n'kugayika, shuga amalowa m'magazi, ndipo maselo a beta amatulutsa insulini. Insuliniyo imatsegulira shuga njira yolowera m'minofu ndi m'maselo a mafuta, komanso imauza chiwindi kuti chisunge wotsalayo monga gulaikojeni. Papita maola osadya, insulini imachepa ndipo maselo a alifa amatulutsa gulukagoni, amene amalamula chiwindi kuphwanya gulaikojeni uja ndi kupanga shuga watsopano kuchokera ku zomanga thupi. Chiwindi chili ngati nkhokwe: insulini imatutira chimanga m'katimo, gulukagoni amatapamo. N'chifukwa chake munthu wabwinobwino amadzuka m'mawa shuga ali pakati pa 4 ndi 5.5 mmol/L, ngakhale wagona usiku wonse osadya. Magazi onse a munthu wamkulu amangonyamula shuga wokwana pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, ndiye kutapa ndi kutuira kumeneku sikupuma.

Anthu ambiri amaiwala ntchito ina ya insulini, yomwe ndi kuletsa. Ngakhale munthu asadye, thupi limafunabe insulini pang'ono yoti igwire chiwindi dzanja ndi kuletsa gulukagoni kuchuluka. Mtsikanayu maselo ake a beta anawonongeka kale, choncho jakisoni ataima panalibenso choletsa. Malungo anawonjezera mahomoni ena okweza shuga. Chiwindi chinathira shuga m'magazi mosalekeza, ndipo atapyola cha m'ma 10 impso zinayamba kumutayira mumkodzo pamodzi ndi madzi ambiri. Mafuta a m'thupi nawo anayamba kusungunuka, chiwindi n'kumawasandutsa maketoni, amene ndi asidi. Kupuma kozama kuja kunali kuyesetsa kwa thupi kuchepetsa asidiyo, ndipo kusanza kumene mayi ankati ndi malungo okha, mbali ina kunali maketoni omwewo.

Sitinathamangire insulini. Choyamba ndi madzi. Mwanayu amalemera makilogalamu 40, ndiye tinampatsa diripi ya salaini, madzi a mchere, mamililita 400 mu ola loyamba, kenako n'kumapitiriza pang'onopang'ono, chifukwa kwa ana kuthira madzi mothamanga kapena kugwetsa shuga msanga kungatupitse ubongo. Ola litatha tinayamba insulini yooneka ngati madzi, yogwira msanga, mayunitsi 4 pa ola. Atayamba kukodza tinawonjezera potaziyamu mudiripi, pakuti insulini imakankhira potaziyamu m'maselo, ndipo akachepa m'magazi mtima umasokonezeka. Malungo tinawathira mankhwala ake.

Usiku shuga atafika pa 14, namwino amene wangoyamba kumene ntchito anafunsa ngati tisiye insulini. Funsolo linandisangalatsa, chifukwa apa m'pamene ambiri amapunthwa. Shuga amatsika msanga kuposa maketoni, ndipo chimene chimapha ndi asidi. Tinawonjezera dekisitirozi, shuga wosungunula woperekera mumtsempha, mudiripi kuti shuga asagwe, insulini n'kumapitirira mpaka maketoni atachepa ndipo mwana wayamba kumwa phala. Lachitatu anali atakhala tsonga pabedi.

Kukiliniki Lachitatulo zinali za masiku onse: kuyeza, kuyang'ana mapazi, kulembera mapiritsi a metifomini. Ambiri kumeneko ali ndi mtundu wachiwiri, umene insulini ilipo koma minofu ndi chiwindi siziimvera bwino, kapamba n'kumatopa m'kupita kwa zaka. Mayi wina watsopano anapezeka ndi 9.2 asanadye kanthu. Malire ake ndi 7.0, koma popeza analibe ludzu kapena kukodzakodza, ndinawauza abwerenso tidzayeze kachiwiri tisanawatchule kuti ndi odwala.

Lachinayi cha m'ma 11 koloko anabweretsa bambo wa zaka za m'ma 50, thukuta lili kamukamu, akubwebweta zosamveka. Owanyamula ankati aledzera, ndipo fungo la kachasu linalipodi. Ine munthu aliyense wosokonezeka mutu ndimayamba ndamuyeza shuga, fungo likhalepo kapena ayi. Makina anaonetsa 1.9. Chilichonse chochepera 3.9 kwa munthu wa pamankhwala timati watsika, ndipo ubongo susunga shuga wakewake. Tinawapatsa dekisitirozi wa 50 peresenti mamililita 50 mumtsempha, ndipo pasanathe mphindi zochepa anatsegula maso n'kufunsa kumene ali.

Mkazi wawo ndiye analongosola. Dzulo lake bambowa anamwa kumaliro osadya nsima. M'mawa anabaya insulini yooneka ngati mkaka, yogwira nthawi yaitali, monga mwa nthawi zonse, n'kupita kudimba osalawa kanthu. Insulini ya m'kapamba imasiya kutuluka shuga akayamba kutsika, koma ya m'jakisoni ikalowa yalowa, imagwirabe ntchito kwa maola ambiri. Khasu nalo linapangitsa minofu kumwa shuga wochuluka. Apa gulukagoni akanayenera kuwapulumutsa, koma kwa anthu amene akhala ndi shuga zaka zambiri maselo a alifa sayankhanso msanga. Ndipo ngakhale akanayankha, akanapeza chiyani? Gulaikojeni wa m'chiwindi ndi wa magalamu pafupifupi 100 basi, amachepa kwambiri munthu akachoka masana mpaka m'mawa osadya, ndipo mowa umaletsa chiwindi kupanga shuga watsopano. N'chifukwa chake ngakhale jakisoni wa gulukagoni, amene kuno sapezekapezeka, sathandiza kwenikweni munthu wotere.

Ankafuna kubwerera kwawo tsiku lomwelo, koma ndinawakaniza. Dekisitirozi amatha msanga pamene insulini ija ikadali m'thupi. Anadya nsima, tinkawayeza pafupipafupi, ndipo madzulo shuga anatsikanso kufika 3.5 n'kufunika tiyi wa shuga. Zomwezi zimachitika ndi mapiritsi a gilibenikalamaidi, makamaka kwa agogo amene impso zafooka, ndipo iwowa shuga amatha kugwanso ngakhale mawa lake.

Lachisanu ndinakhala pansi ndi mabanja awiriwa, lililonse palokha. Kwa mkazi wa bambo aja ndinati, "Mayi, mukaona akunjenjemera, thukuta, kapena akulankhula zosalongosoka, sungunulani masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi amwe. Pakatha mphindi 15 osasintha, bwerezani, kenako adye chakudya chenicheni. Akakomoka musawathire kanthu kukamwa, angatsamwe. Agonekeni chammbali, muthamange nawo kuno." Tinachepetsanso mlingo wa m'mawa pa masiku olima, ndipo bambowo anavomera kuyenda ndi shuga m'thumba.

Mayi a mtsikana uja ndinawauza kuti mwana akadwala insulini sasiya, ngakhale asakudya. Azimuyeza shuga maola atatu kapena anayi alionse, azimumwetsa madzi pang'onopang'ono, ndipo shuga akakhala wotsika azimupatsa phala lamadzimadzi kapena tiyi wa shuga m'malo modumpha jakisoni. Akasanza mobwereza, abwere tsiku lomwelo osadikira kuti kuche. Vuto ndi lakuti timapepala toyezera shuga kunyumba n'todula, ndipo iwo anali atatsala ndi tochepa. Tinagwirizana kuti atisungire masiku odwala, ndipo ndinawalembera kuti abwere kukiliniki Lachitatu likubwerali tidzaonenso mlingo wa mwanayo malungo atatheratu.