Masabata 8 oyamba ndi zitsulo pamene cholinga ndi kuchepetsa mafuta m'thupi

Ndisanagwire chitsulo chonyamula pa masewera olimbitsa thupi ndimayamba ndadzikumbutsa kuti chimene chimachepetsa mafuta kwenikweni ndi kudya mocheperako poyerekeza ndi mphamvu zimene thupi likugwiritsa ntchito. Tsono thupi likamaperewera chakudya silidya mafuta okha, limadyako ndi minofu yomwe. Ntchito ya zitsulo ndi kulipatsa chifukwa chosungira minofuyo. N'chifukwa chake sinditengeka ndi kuchuluka kwa thukuta kapena wefuwefu. Ndimafuna kuti zinthu zinayi zikhazikike m'thupi, kunjuta, kupinda m'chiuno, kukankha ndi kukoka, kenako kulemera kwa zitsulo kuzikwera pang'onopang'ono.

Ndimachita katatu pa sabata, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, kwa mphindi 45, ndipo zonse zinayi zimalowa tsiku lililonse. Masabata awiri oyamba ndimanyamula zopepuka kwambiri, chifukwa nthawi imeneyi ndi yophunzitsa thupi njira.

Ndimayambira pa kupinda m'chiuno, pakuti apa ndi pamene ambiri amasochera. Munthu ukamuuza kuti awerame, amapinda msana. Ukamuuza kuti asapinde msana, amanjuta. Chimene tikufuna si ziwirizi. Pa kunjuta matako amatsika pansi ndipo mawondo amapindika kwambiri. Pa kupinda m'chiuno matako amapita kumbuyo, mawondo amangofewa pang'ono, ndipo chifuwa chimaloza pansi chifukwa chakuti chiuno chabwerera m'mbuyo, osati chifukwa msana wakhota.

Ndimaima mofulatira khoma, zidendene zili patali ndi khomalo ngati kutalika kwa phazi langa, n'kukankhira matako kumbuyo mpaka agunde khomalo. Akagunda mosavuta ndimasendera kutsogolo masentimita awiri kapena atatu n'kuyesanso. Penapake ndimamva kuti kumbuyo kwa ntchafu kwakokeka ngati chingwe, ndipo pamenepo ndiye pothera. Ndikamva m'mawondo kapena kutsogolo kwa ntchafu, ndiye kuti ndayamba kunjuta.

Kenako ndimatenga ndodo yowongoka n'kuigoneka kumsana, dzanja lina litaigwira kuseri kwa khosi, lina m'munsi mwa msana. Ikhudze malo atatu: nkhongo, pakati pa mapewa, ndi fupa la pamwamba pa matako. Ndimawerama ndodoyo ili pomwepo. Ikasiyana ndi fupa la m'munsilo, msana wapindika. Ikasiyana ndi nkhongo, mutu wagwa ndipo kumtunda kwa msana kukutsatira. Ndodo imakuuza zimenezi nthawi yomweyo, pamene galasi limafuna kuti upotokole khosi kuti uone, n'kuwononganso kaimidwe. Ndimachita maulendo 10, katatu, ndipo sindigwira chitsulo mpaka onse 10 atheke ndodo isanachoke pamalo ake.

Zikatheka ndimatenga madambelo awiri, zitsulo zazifupi zonyamula ndi dzanja limodzi, a makilogalamu 8 lililonse. Ndimaima nawo kutsogolo kwa ntchafu, ndimakokera mpweya m'mimba, n'kuumitsa mimba ngati wina akufuna kundimenya nkhonya pamenepo. Ndiye matako kumbuyo, madambelo akutsetsereka pa ntchafu mpaka apyole mawondo pang'ono. Safunika kufika pansi. Akatalikirana ndi miyendo ngakhale pang'ono, katundu amasamukira m'munsi mwa msana, ndipo m'mawa mwake ndi msana umene umadandaula m'malo mwa ntchafu ndi matako. Podzuka ndimakankhira chiuno kutsogolo mpaka ndiime chilili, basi. Kupendamira chagada pamwamba pake, kumene ambiri amaganiza kuti ndi kumaliza bwino, kumangopanikiza msana popanda phindu.

Kunjuta, kumene ku jimu amangoti sikwati, ndimayambira pa mpando wolimba wofika m'mawondo. Mapazi atalikirane mofanana ndi mapewa, zala ziloze kunja pang'ono. Ndimatsika mpaka matako akhudze mpando, osakhala, n'kudzuka. Zikayenda, ndimachotsa mpando n'kunyamula dambelo limodzi pachifuwa ndi manja awiri, zigongono zikuloza pansi. Chodabwitsa n'chakuti ndi dambelolo kunjuta kumaphweka, chifukwa kulemera kwa kutsogolo kumandilola kutsika osagwa chagada.

Pa sikwati ndimayang'ana kwambiri phazi. Chidendene, tsinde la chala chachikulu ndi tsinde la chala chaching'ono, zonse zigwire pansi kuyambira potsika mpaka podzuka. Zidendene zikamanyamuka, kawirikawiri vuto limakhala akakolo olimba. Poyesa, ndimaika chala chachikulu masentimita 10 kuchokera ku khoma n'kukankhira bondo kutsogolo. Likalephera kugunda khoma chidendene chili pansi, ndimaika kathabwa ka masentimita awiri pansi pa zidendene pochita sikwati, kwinaku ndikufewetsa akakolowo tsiku ndi tsiku. Zoti bondo lisapyole zala za kumapazi sindizitsatira. Munthu wa ntchafu zazitali sangatsike bwino bondo lisanapyole, ndipo akalikakamiza kukhala kumbuyo amangogwera kutsogolo ndi chifuwa. Chimene sindilola ndi mawondo kugwera mkati podzuka, kapena matako kunyamuka chifuwa chitatsalira. Zonse ziwiri zimaoneka munthu akatopa kapena katundu akachuluka, ndiye ndimachepetsa. Potsika ndimalekeza pamene ntchafu zagona mofanana ndi pansi, kapena ndisanafike pamenepo ngati m'munsi mwa msana mwayamba kupindikira mkati.

Kukankha sikuvuta kumvetsa, kumangofuna kudzichepetsa. Ndimayamba mapushapu manja ali pa benchi kapena pa tebulo losagwedera, osati pansi, ndiponso osati chogwada, chifukwa ndikufuna thupi lizolowere kukhala lowongoka kuyambira kumutu mpaka ku zidendene. Zigongono zisatambasukire m'mbali mofanana ndi mapewa, zipendekere kumbuyo pafupifupi madigiri 45, apo ayi kutsogolo kwa phewa kumayamba kupweteka. Chiuno chikagwa, maulendo atha, ngakhale manja akadali ndi mphamvu. Ndikakwanitsa maulendo 12 katatu, ndimatsitsa pogwirapo.

Pa kukoka ndimagwiritsa ntchito dambelo limodzi, bondo ndi dzanja la mbali imodzi zili pa benchi, msana uli ngati mmene unalili ndi ndodo ija. Sindiganiza zokweza dambelo, ndimaganiza zobweza chigongono chakumbuyo kulunjika m'chiuno. Ndikakokera kukhwapa, phewa limakwera kukhutu ndipo khosi ndi mkono ndi zimene zimatopa. Pamwamba ndimaima sekondi imodzi. Ngati sindingathe kuima, kapena thupi likupotokola kuti lithandizire, dambelolo landiposa. Kudzikoka pa chitsulo cha m'mwamba mpaka chibwano chipyole ndimakusiya kaye. Munthu wolemera amene akungoyamba kumene kawirikawiri sangakwanitse ngakhale kamodzi, ndipo makina okokera chitsulo kuchokera m'mwamba kutsikira pachifuwa amaphunzitsa zofanana ndi katundu amene ungasankhe.

Kamodzi pa sabata ndimaika foni cham'mbali, pa msinkhu wa chiuno, n'kujambula seti yomaliza, kutanthauza gulu lomaliza la maulendo ochitika mosapuma. Zimene thupi limamva ndi zimene kanema amaonetsa nthawi zambiri zimasiyana, makamaka pa msana.

Kuyambira sabata yachitatu ndimatsata lamulo limodzi pa zonse zinayi: maseti atatu, maulendo 8 mpaka 12 pa seti, kupuma masekondi 90 kapena mphindi ziwiri, ndi kusiya ndikadali ndi mphamvu ya maulendo awiri kapena atatu. Titenge sikwati ndi dambelo la makilogalamu 12. Lolemba ndimalemba 8, 8, 8. Lachitatu 10, 9, 8. Pakutha pa sabata yachinayi mwina ndafika 12, 12, 11, ndipo sindikweza, chifukwa seti yachitatu sinakwane. Tsiku limene onse atatu afika 12 mawondo osagwera mkati, ndimatenga la makilogalamu 14. Maulendo amagwa kufika 8 kapena 9, n'kuyambanso kukwera. Kupinda m'chiuno kumakwera msanga kuposa apa, kukankha ndi kukoka kumachedwa, chifukwa minofu yake ndi yaing'ono. Kufupikitsa kupuma kuti mtima uzithamanga ndi msampha wa anthu ofuna kuchepa thupi. Seti yachiwiri imawonongeka, katundu samakwera, ndipo mphamvu zowonjezera zimene wawotcha n'zochepa zedi. Kuwotcha ndimakusiyira kuyenda pansi kwa mphindi 30 kapena 40 masiku enawo.

Kope limene ndimalembamo manambalawa ndi limene limandiuzanso ngati ndikudya moyenera. Tiyerekeze kuti ndikulemera makilogalamu 85. Ndimafuna kutsika pakati pa theka la kilogalamu ndi magalamu 800 pa sabata, osapyola gawo limodzi pa magawo 100 a kulemera kwanga, ndipo mapulotini ndimafuna magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, amene ndi magalamu 136 pa tsiku, ogawidwa pa chakudya katatu kapena kanayi. Munthu wongoyamba kumene amayenera kumawonjezera mphamvu ngakhale akudya mochepetsa. Ndiye manambala akamatsika pa zinthu ziwiri kapena zitatu kwa masabata awiri otsatizana, sikelo ikutsika kupitirira kilogalamu pa sabata, ndimadziwa kuti ndachepetsa chakudya mopyola muyeso kapena sindikugona mokwanira. Ndimawonjezera chakudya pang'ono, osati maseti.

Sikelo payokha imanama m'masabata oyamba. Minofu imene yangoyamba kugwira ntchito imasunga madzi, ndiye kulemera kukhoza kuima kapena kukwerako pamene mafuta akuchepa. Ndimadziyeza m'mawa katatu kapena kanayi pa sabata n'kuona pakati pa manambalawo, komanso ndimayeza mimba ndi tepi pa mchombo kamodzi pa sabata.

Kuphwanya m'thupi kumene kumayamba tsiku lotsatira n'kukula pa tsiku lachiwiri si vuto, kumachepa masabata akamapita ndipo ndimachitabe masewera mopepukirako. Ululu wobaya m'bondo, m'phewa kapena mumsana pa nthawi yonyamula ndi nkhani ina. Ndimasiya pomwepo, ndimachepetsa katundu kapena kutsika kwake, ndipo ukapitirira, kapena mwendo ukachita dzanzi, ndi za kuchipatala. Amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi kapena la mtima ayambe waonana ndi dokotala, ndipo asamagwire mpweya ponyamula, azitulutsa podzuka.

Pofika sabata ya 8, chimene chimayamba kuvuta pa sikwati ya pachifuwa si miyendo, ndi manja ndi kumtunda kwa msana, chifukwa dambelo la makilogalamu 20 kapena kuposa limatopetsa kuligwira miyendo isanatope. Apo ndi pamene ndimasamukira ku chitsulo chachitali choika kumsana. Chachizolowezi cha ku jimu chimalemera makilogalamu 20 chopanda kanthu, ndipo ndimayamba nacho choncho, maulendo 8, foni ili cham'mbali, mpando uja nditaubwezera kumbuyo kwanga kwa sabata imodzi kuti ndizidziwa potsikira.