Ndimangofuna kunena zikomo, ndinapezeka ndalengeza maliro anga

Mpaka pano anyamata a pa siteji amanditchula kuti malemu. Ndikafika m'mawa pa boma paja ndi njinga yanga wina amakuwa kuti malemu afika apatseni malo, kasitomala nkumadabwa. Ndiye lero ndinene ndekha m'mene zinayendera, poti ena akumawonjezera zawo.

Mu Januwale 2024 ndinagwa ndi njinga yamoto ndikuchokera ku Mtunthama, mbuzi inangoti tulukiru pamsewu, ine pofuna kuipewa ndinakathera mu ngalande. Mbuzi ili bwinobwino mpaka lero. Ine mwendo wakumanzere unathyoka pansi pa bondo, anandimanga chikhakha nkundiuza kuti masabata sikisi osaponda, koma mpaka ndiyambe kuyenda bwino inakwana miyezi itatu. Nthawi yakenso inali yoipa, kwacha inali itangogwa kumene mu Novembala, feteleza osagwirika, kenako ng'amba ija ya mu Febuluwale. Munthu wa kabaza ukagona tsiku limodzi ndiye kuti poto wagonanso.

Koma anthu anandigwira dzanja. Mnzanga wina wa pa siteji anatenga njinga nkukaikonzetsa, mphwake amayendetsa masana, madzulo alionse amabweretsa kenakake kwa mayi akunyumba, pena K3,000 pena K5,000. Alamu anga anabwera ndi anyamata awiri kudzabandira munda wonse nkuthira feteleza wobereketsa, ine ndili gone pa mkeka. Amayi a pa neba amatitumizira ufa mu beseni atavindikira ndi chitenje kuti anthu asaone. Ndiye atandichotsa chikhakha nkuyamba kuponda, mtima unandiuza kuti aise, lemba kenakake pa Facebook uwathokoze anthuwa.

Vuto langa ndi loti ndikagwira foni ndimasanduka mlaliki. Ndinakhala pa khonde usiku nkuyamba kutaipa. Mizere yoyamba inali iyi:

"Abale anga, zowawa zonse zatha tsopano, ndapumula. Inu amene munandisamalira mpaka tsiku lomaliza, ndilibe chokubwezerani, Mulungu yekha ndiye adzakulipireni. Ulendo unali wautali..."

Tsiku lomaliza ine ndimatanthauza la chikhakha. Nkhani ya mwendo ndinaifotokoza bwinobwino, kuti ndachira ndipo Lolemba ndikubwerera pa siteji, koma inali m'munsi mwenimweni, ndime yachisanu. Chomwe sindinaganize nchoti Facebook positi ikatalika imaidula, imangoonetsa mizere yoyambayo kenako See more. Ndani amadina See more bandulo ikutha? Munthu amawerenga zomwe zili pamaso pake basi.

Chithunzi ndiye chinamaliza zonse. Ndilibe zithunzi zambiri zabwino, ndinasankha cha pa ukwati wa achimwene, nditavala suti, osaseka, ndikuyang'ana kutali ngati ndikuona angelo. Mphwanga anati amalume mubweretse ndikukonzereni chioneke chaulemu, nkuchichotsa mtundu, chakuda ndi choyera. Anawonjezeranso ka nkhunda ndi timanja topemphera. Ine ndinati eya, izi ndiye za mtauni. Ndinaponya cha m'ma 10 koloko usiku, foni nkuzima moto utatha, ndinakagona mtima uli mbee.

Kunja kukucha ndinapereka foni kwa mwana kuti akaisiye kotchaja, ine nkupita kuseri kukasamba, pang'onopang'ono poti mwendo unali usanalimbe. Ndili ndi sopo kumaso ndinamva kulira kuchokera kumsewu. Kulira kwenikweni kwa maliro, kuja koyambira patali. Ndinati kalanga ine, ndani watisiyanso m'mudzi muno. Ndikumvetsera bwino ndinamva dzina langa.

Anali azakhali a ku Santhe. Wina anajambula positi ija nkuiponya pa gulupu ya banja ya WhatsApp, mizere itatu ija ndi chithunzi basi, anthu anayesa kundiimbira foni osapezeka, ya mayi akunyumba inali itagulitsidwa kalekale nthawi ya mavuto ija. Azakhali sanadikire zambiri, anakwera minibasi yoyamba. Mayi akunyumba anatuluka ndi chipande m'manja, azakhali nkuwakumbatira akulira, iwo osadziwa kanthu anayambanso kulira poganiza kuti kwagwa zovuta ku Santhe. Analirizana mphindi zingapo aliyense akulira maliro ake.

Ine ndinatulukira pakona pa nyumba nditamanga thaulo, ndodo m'manja, sopo m'khutu. Azakhali anasiya kulira pakati pa mawu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anati, "Iwe, si wamwalira iwe?" Ndinati ayi azakhali, ndimasamba. Anakhala pansi pa khonde nkunena kuti, "Ndiye thiransipoti yanga abweze ndani?"

Tisanamalize zimenezo kunamveka mahutala. Anyamata a pa siteji, njinga zoposa teni pa mzere, magetsi oyatsa, m'mene timachitira mnzathu akatisiya. Anali atayamba kale kusonkha. Tcheyamani wathu atandiona anazimitsa njinga, anavula chipewa, nkuchivalanso. Anangoti, "Akulu, mwatiwonongetsa mafuta." Mnzanga uja wa njinga, amene ndimafuna kumuthokoza kwambiri, maso anali ofiira, analira zoona usiku wonse, ndipo sanandilankhule masiku awiri. Apa mpomwe ndinasiya kuseka.

Masana kunabwera nduna ya amfumu kudzafunsa kuti maliro amalengezedwa bwanji pa foni amfumu asanauzidwe, adzukulu amve kwa ndani. Ndinafotokoza za See more, mkuluyo anangondiyang'ana. Inapita nkhuku. Foni itabwera kotchaja ndinapeza ma RIP osawerengeka, wina amene ndili naye ngongole analemba kuti ndinali munthu wokhulupirika, ndipo ndasunga umboni wake. Panalinso K12,000 ya chipepeso yomwe anthu anatumiza pa nambala yanga yomwe, kaya amati alandira ndani. Ndinabweza yonse, yotumizira ndikulipira ndekha.

Madzulo mayi akunyumba analanda foni. Anati, "Bambo a mwana, nenani kaye kuti muli moyo, kenako nenani chomwe anthu anachita, mukatero musiye." Anandiletsa mawu akuti ulendo, kupumula ndi misozi. Anandiletsanso kutchula amayi a ufa aja, anati munthu amene amavindikira beseni ndi chitenje safuna kuti Kasungu yense adziwe, amenewo tipita tokha ndi shuga. Chithunzi anandijambula pompo, nditakhala pa njinga, ndikuseka, mitundu yonse ilipo. Zomwe tinalemba ndi izi:

"Ndili moyo, mwendo wapola, Lolemba ndili pa siteji. Zikomo anzanga amene munayendetsa njinga yanga, munalima munda wanga ndi kudyetsa ana anga miyezi itatu ndili gone. Sindinaiwale."

Yonse inakwana popanda See more. Mnzanga uja sanalembe ndemanga, anangobwera Lamlungu nkukhala pa khonde, tinadya chinangwa osakamba za nkhaniyo.

Azakhali anakhala sabata yathunthu, anati poti abwera kale. Tsiku lonyamuka ndinawaperekeza pa depoti nkuwalipirira minibasi, atakhala pa windo anandikodola, ndinaganiza kuti akufuna kundidalitsa. Anati, "Chithunzi cha suti chija usachifufute, chinatuluka bwino, tidzachifuna."