Lachitatu: SOL wandigwetsa, koma wolakwa si iyeyo

Ndadzuka 5 koloko, ndipo ndisanasukusule n'komwe foni inali kale m'manja. Kwa masiku anayi SOL/USDT, mtengo wa koini ya pa intaneti ya Solana poyerekeza ndi dola, wakhala akugunda denga la madola 149 n'kumabwerera. M'mawa uno kandulo ya maola anayi, chizindikiro cha pa tchati choonetsa mmene mtengo wayendera pa maolawo, yatsekera pamwamba pa dengalo, kenako mtengo watsika pang'ono kudzaliponda, n'kudzukanso. Ndi setapu imene ndimaidikira sabata yonse. Ndagula pa 150, sitopu, oda yogulitsa yokha mtengo ukatsika kuti ndisataye zambiri, ndaika pa 146.25, ndipo phindu ndimafuna kukatengera pa 157.50. Mu akaunti muli madola 400 ndipo lamulo langa ndi losataya oposa 8 pa malonda amodzi, choncho ndalowa ndi 320. Masamu onse anali bwinobwino, moti phala ndamwa ndi mtima wa bwana.

Mpaka masana zinthu zimayenda, mtengo unafika pa 152. Cha m'ma 3:30, nthawi imene msika wa masheya ku New York umatsegulidwa miyezi ino, ndinali pa mzere wogula mafuta ophikira. Foni yanjenjemera m'thumba. Sitopu yadyedwa, ndipo siinadyedwe pa 146.25 pamene ndinaika, koma pa 145.90, chifukwa mtengo unathamanga n'kudumpha. Madola pafupifupi 9 apita mafuta ndisanagule n'komwe.

Ndaimbira mnzanga amene anandiphunzitsa zimenezi. Ndisanamalize kudandaula wandidula: "Aise, bitikoini unamuona m'mawa?" Ndangoti zii. Tchati cha bitikoini sindinachitsegule tsiku lonse.

Nditafika kunyumba ndachitsegula, manyazi andigwira. Pa ola limene ine ndimagula SOL, bitikoini anali pansi penipeni pa denga lake limene linamukana kawiri sabata yatha. Masanawa lamukananso kachitatu, watsika ndi 2 peresenti kuchokera pamene anali m'mawa, ndipo SOL wamutsatira ndi yoposa 3. Palibe nkhani yoipa ya Solana imene yatuluka lero. Mizere yanga ndinajambula bwino, kungoti amene anagwetsa mtengo sankayang'ana mizereyo.

Chimene chimachitika n'chakuti amene amaika maoda ambiri ogula ndi ogulitsa pa maalitikoini, makoini ena onse kupatula bitikoini, ndi makampani ogwiritsa ntchito mapologalamu, ndipo mapologalamuwo amayang'ana bitikoini nthawi zonse. Iye akangotsetsereka, amachotsa maoda awo ogulira kapena kuwatsitsa pansi. Buku la maoda la alitikoini ndi lopyapyala kale poyerekeza ndi la bitikoini, ndiye ogula akachoka, wogulitsa mmodzi wamkulu amaboola masitepe angapo nthawi imodzi. N'chifukwa chake sitopu yanga inadumphidwa. Palinso amene amachita malonda ndi ndalama zobwereka, chikole chawo chili chimodzi pa makoini onse. Bitikoini akawapweteka, msika umawagulitsira mokakamiza zonse zimene agwira, SOL yemwe, ndipo kugulitsako kumagwetsa ena amene anali pafupi ndi phompho. Pa 19 Meyi 2021 ndi pa 5 Ogasiti 2024 zinachitika zomwezi koma zazikulu: makoini amene ntchito zawo sizifanana n'komwe anagwera limodzi ngati mango a mtengo umodzi.

Madzulo ndachita zimene ndinayenera kuchita m'mawa. Ndatenga mitengo yotsekera ya ola lililonse kwa masiku 7 n'kuiika mu sipuredishiti, bitikoini mu kolamu A, SOL mu B, kuyambira mzere wachiwiri mpaka wa 170. Kenako mu C ndi D ndawerengera kusintha kwa ola ndi ola, n'kufunsa mafunso awiri:

```
C3: =A3/A2-1
D3: =B3/B2-1
=CORREL(C3:C170,D3:D170)
=SLOPE(D3:D170,C3:C170)
```

CORREL imanena kuti awiriwa amayendera limodzi bwanji. Yankho limakhala pakati pa -1 ndi 1: likayandikira 1 ndiye kuti kumene wapita wina ndi kumene wapita mnzake, likakhala pa 0 aliyense ali ndi njira yake. Langa latuluka 0.84. Ukachulukitsa 0.84 ndi 0.84 umapeza pafupifupi 0.7, kutanthauza kuti magawo 7 mwa 10 a kugwedezeka kwa SOL sabata ino amafotokozeka ndi bitikoini. Ine ndimaganiza kuti ndagula SOL, pamene kwenikweni ndinagula bitikoini wovala malaya ena.

Koma chimene chandiwawa kwambiri ndi SLOPE. Iyi ndi imene amaitcha beta, ndipo imanena kukula kwa sitepe: bitikoini akasuntha 1 peresenti, mnzakeyo amasuntha zingati. Yanga yatuluka 1.6. Tsono sitopu yanga inali 2.5 peresenti pansi pa pamene ndinagulira. Gawani 2.5 ndi 1.6, mupeza 1.56. Ndiye kuti bitikoini amangofunika kutsika pang'ono kupitirira 1.5 peresenti kuti ine ndituluke, ndipo kwa bitikoini kumeneko ndi kuyasamula chabe, amachita masiku ambiri popanda chifukwa chomveka. Ndikanayeza mtunda umenewo pa tchati chake, ndikanaona kuti sitopu yanga ili pakati pa bwalo limene iye wakhala akuseweramo sabata yonse, pamwamba pa pamene amaponda akatsika. Ndinaika mphasa panjira ya ng'ombe.

N'chifukwa chiyani ndavutika ndi C ndi D m'malo mongoyerekeza mitengo? Pa TradingView, webusaiti ya matchati, pali Correlation Coefficient, ndipo ndi yachangu, koma ukaisiya mmene imabwerera imayerekeza mitengo yotsekera yeniyeniyo. Zinthu ziwiri zimene zonse zakwera mwezi uno zimaoneka ngati mapasa ngakhale kuti ola ndi ola sizitsatana. Ine sitopu yanga imadyedwa ndi kusuntha kwa ola limodzi, choncho ndi kusinthako kumene ndiyenera kuyeza.

Panali njira ina yachidule imene ikanandipulumutsa m'mphindi imodzi: kutsegula SOL/BTC, mtengo wa SOL poyerekeza ndi bitikoini. Tchati chimenechi chimachotsa dola pakati n'kuonetsa ngati SOL ali ndi mphamvu zakezake. Ndachiyang'ana usiku uno: pamene SOL/USDT amaboola denga, SOL/BTC anali chigonere, sanapitirire ngakhale nsonga yake ya dzana. Kuboola kuja kunali kobwereka. Bitikoini anakwera usiku, SOL anakwera pamsana pake, ndipo mwini msana atatembenuka wokwerayo anagwa.

Nambalazi sindikuzikhulupirira mopitirira. Ndi za sabata yapitayi, ndipo zimasintha. Msika ukakhala bata, koini ikhoza kuonetsa 0.4 n'kukupusitsa kuti yadziimira payokha, koma tsiku la mantha pafupifupi onse amathamangira khomo limodzi ndipo nambala ija imakwera nthawi imene ukuifuna yotsika. Choncho 0.84 ndi chenjezo lomveka, koma 0.4 si chilolezo.

Mnzanga uja waimbanso cha m'ma 9. Akuti iye anali ndi maalitikoini atatu, aliyense ndi sitopu yake ya madola 10, akumaganiza kuti wagawa mazira m'madengu atatu. Onse adyedwa mu ola limodzi lomwelo, madola 30. Taseka, koma kuseka kwa anthu oferedwa nkhuku.

Pa kapepala kamene ndimamata pakhoma ndawonjezera mzere pamwamba pa ina yonse: tchati cha bitikoini choyamba, kenako SOL/BTC, kenako sitopu kugawa ndi beta. SOL tsopano ali pa 146 ndipo chala chikuyabwa kuti ndigulenso. Kandulo ya tsiku ya bitikoini itseka 2 koloko usiku, ndipo sindiidikira. Foni ndaisiya pa tchaja kuchipinda chochezera.