Sensa ya thanki: 741 yakanika pa 40 kHz, TL072 yalowa m'malo

Pulojekiti ya sensa yoyeza madzi m'thanki ija ikuyenda, ngakhale pang'onopang'ono. Kwa amene simunaone zam'mbuyomu, kuno ku Salima tili ndi thanki pamwamba pa nsanja, pampu ya sola imakoka madzi m'chitsime, nde ndikufuna ndizidziwa pomwe madzi afika osakwera makwerero dzuwa lili pamutu. Tiransijusa imodzi ikutumiza kaphokoso ka 40 kHz, inzake ikumva kubwerera kwake kuchokera pamadzi. Mbali yotumiza inatheka kale. Sabata ino ndakhala pa ampu yambali yolandira, chifukwa chomwe chimabwerera ndi kasiginolo ka mamilivoti chabe, kofunika kukakulitsa pafupifupi ka 100.

Ndinayamba ndi opampu, chipi yokulitsa siginolo, ya LM741 poti ndi amene anadzaza m'kachitini kanga, ambiri ozula m'mabodi akale. Waya wake wamba, siginolo kulowera pa pini 3, rezisita ya 100k kuchoka pa pini 6 kubwerera pa pini 2, ina ya 1k kupita pansi, geni kukhala 101, tingoti 100. Magetsi ndinatenga mabatire awiri a 12 V, wina pulasi wina mayinasi, kuti pasakhale zonamizira kuti pawa ndi yochepa. M'malo mwa tiransijusa ndinaika kajenereta ka XR2206 kuti ndizisintha fulikwensi mmene ndafunira, kuonera ndi kasikopu kanga ka DSO138.

Pa 1 kHz zonse bho. Ndikalowetsa 20 mV pansonga, ikutuluka 2 V pansonga, sayini wevu wosalala bwino. Kukweza fulikwensi kufika 40 kHz osakhudza china chilichonse, wevu uja kufota mpaka kutsala ngati theka la voti. Maonekedwe osasintha, ndi sayini yemweyo, kungoti wamng'ono.

Apa ndiye pali `GBW` ya pa detashiti, yomwe ndi geni kuchulukitsa ndi fulikwensi pomwe geniyo imalekezera. 741 ili ndi pafupifupi 1 MHz, ndipo nambala imeneyi umagawana pakati pa geni ndi fulikwensi, ukatenga kwambiri uku kwinako kumachepa.

```
f = GBW / G = 1 MHz / 100 = 10 kHz
G(40 kHz) = 100 / sqrt(1 + (40/10)^2) = 24
```

Ndiye kuti ndi geni ya 100, pofika 10 kHz yayamba kale kugwa, pa 40 kHz yatsala 24 basi. 20 mV kuchulukitsa ka 24 ndi 0.48 V, ndendende zomwe sikopu inkaonetsa. Gwero lake lili mkati mwa chipi: opampu ikakhala yopanda rezisita yobwezera ija geni yake ndi yaikulu zedi pa fulikwensi yotsika, koma fulikwensi ikakwera kakhumi geni imatsika kakhumi, mpaka kufika 1 cha pa 1 MHz. Pa 40 kHz chipiyo payokha ili ndi 25 yokha, nde marezisita anga angapemphe 100 motani, kulibe koitenga.

Mankhwala ake ndi odziwika, kugawa ntchito pawiri. Ndinaika ma 741 awiri motsatizana, aliyense 9.1k ndi 1k, geni pafupifupi 10. Aliyense tsopano akufika 100 kHz asanayambe kugwa, pa 40 kHz akupereka ngati 9.3, onse awiri pamodzi 86. Sinakwane 100 koma kuchoka pa 24 kufika 86 ndi chipi yomweyo, ine ndinakhutira. 20 mV inatuluka 1.7 V pansonga, sayini ndithu.

Kenako ndinakweza siginolo yolowa kufika 50 mV, poti thanki ikadzadza madzi amakhala pafupi ndi sensa ndipo chobwerera chimakhala champhamvu. Mwamasamu imayenera kutuluka 4.3 V pansonga. Zomwe zinabwera pa sikirini ndi mano a sowo, mizere yowongoka kukwera, nsonga yakuthwa, mzere wowongoka kutsika, kuchoka pansi kufika pamwamba 6 V ndi kanthu, kutanthauza 3 V pansonga. Kuwonjezera siginolo mpaka 100 mV, palibe chosintha, thirayango yemweyo kutalika komweko. Kubwerera pa 1 kHz ndi 50 mV yomweyo, sayini wokongola wa 5 V pansonga. Ndiye si mabatire, chifukwa malire a pawa akanadula nsonga kukhala fulati cha m'ma 10 V kapena 11 V uko, ndipo akanadula pa fulikwensi iliyonse.

Ichi ndi chinthu china, silu reti, pa detashiti amalemba `SR`, ndipo ya 741 ndi 0.5 V/µs. Kutanthauza kuti pini 6 singasunthe kuposa theka la voti pa mayikurosekondi imodzi zivute zitani. Mkati mwa 741 muli kakapasita ka 30 pF, kamene anaika a Fairchild chipiyi ikutuluka mu 1968 kuti isamalire yokha popanda kuiikira kapasita panja. Kuti voteji yotuluka isinthe kakapasita kameneka kayenera kudzaza kapena kukhuthuka, koma gawo lolowera limangotha kupereka karenti yochepa, mamayikuroampu osapitirira 20. Zili ngati mpopi wotsegula kale mpaka kumapeto, ndowa imadzaza pa liwiro lomwelo ngakhale upotokole bwanji. Tenga 15 µA ugawe ndi 30 pF, ukupeza 0.5 V/µs ija. Pamene karenti ili yokhazikika voteji ya kapasita imakwera mowongoka, nchifukwa chake mbali za wevu uja zinali mizere osati zokhota.

Tsono sayini wevu amathamanga kwambiri podutsa pakati, pa ziro, ndipo liwiro lake pamenepo limadalira zinthu ziwiri, fulikwensi ndi kutalika kwa nsonga:

```
SR = 2 * pi * f * Vp
Vp = SR / (2 * pi * f)
Vp = 500000 / (6.28 * 40000) = 2 V
```

Pa 40 kHz 741 singatulutse sayini woyera woposa 2 V pansonga. 1.7 V ija inkafuna 0.43 V/µs, inapulumukira pang'onong'ono, pamene 4.3 V inkafuna 1.08 V/µs, kuposa kawiri zomwe chipi ingathe. Ngakhale kutalika kwa thirayango kumawerengeka: theka la wevu wa 40 kHz ndi 12.5 µs, kuchulukitsa ndi 0.5 ndi 6.25 V, chipi imakwera mmene ingathere nthawi yonseyo, isanafike komwe ikupita yauzidwa kale kuti bwerera. Kwa anzanga a ma ampu a nyimbo masamu ndi omwewa, pa 20 kHz 741 imathera pa 4 V pansonga, ndipo ukafuna 10 V pansonga umalekezera cha pa 8 kHz.

Chomwe ndaona kuti chimasokoneza pa benchi nchoti mavuto awiriwa onse amaoneka ngati "siginolo yachepa pa fulikwensi yokwera", koma kuwasiyanitsa nkosavuta, ungochepetsa siginolo yolowa ndi theka. Ngati ndi `GBW`, yotuluka nayo imachepa ndi theka ndipo ndi sayini nthawi zonse, geni ndi yoperewera chimodzimodzi kaya siginolo ndi yaikulu kapena yaing'ono. Ngati ndi `SR`, yotuluka siitsika ndi theka, mwina imangosuntha pang'ono, nsonga zimayamba kuzungulira, ukapitiriza kuchepetsa thirayango amasanduka sayini. Komanso kusintha marezisita kapena kuwonjezera masiteji kumathandiza loyambalo basi. Lachiwirili silisamala za geni, limangoona mavoti angati akutuluka pa fulikwensi yanji, nde siteji yoyamba ija yotulutsa 0.46 V pa 50 mV yolowa inali pa mtendere, yovutika inali yomaliza.

Mnzanga wina wokonza mawailesi pa Kamuzu Road anandifunsa kuti, "Aise, kodi thirayango akukupweteka chani, si iwe ukungofuna kudziwa kuti phokoso labwerera?" Ali ndi mfundo. Ukangofuna eya kapena ayi, 741 awiri akhoza kugwira ntchito. Koma ine ndikufuna kuona kukula kwa chobwerera, chifukwa m'thanki ya pulasitiki phokoso limagundanso m'mbali ndi pa paipi, ndipo ndikuyembekeza kusiyanitsa la pamadzi poona lomwe lili lamphamvu. Ampu ikamatsekera zonse pa 3 V, lamphamvu ndi lapakati zimaoneka zofanana. Ndikanathanso kutsitsa geni kuti ndisadutse 2 V, koma pamenepo thanki ikakhala pafupi kuuma siginolo imachepa kwambiri.

Nde ndasintha, ndaika TL072. Iyi `GBW` yake ndi 3 MHz, `SR` 13 V/µs, ndipo muli maopampu awiri m'chipi imodzi, masiteji onse alowa momwemo. Mapini ndi osiyana ndi a 741 samalani, pawa ndi pini 8 ndi 4, zotuluka ndi 1 ndi 7. Ndi geni ya 10 siteji iliyonse ikufika 300 kHz, pa 40 kHz ikupereka 9.9, onse awiri 98. Fomula ya nsonga ija ikupereka 52 V, kutanthauza kuti mabatire ndi amene ayambe kudula silu reti isanafike nkomwe. Pa benchi 50 mV yatuluka pafupi 5 V pansonga, sayini wosalala, 90 mV yafika pafupi 9 V osapindika. Ndinaganizirako NE5532, ili ndi 10 MHz ndi 9 V/µs, koma imadya karenti yambiri ndipo kachipangizo aka kazikhala pa batire ya sola usiku wonse. LM358 musaiyese pa ntchito iyi, liwiro lake ndi la m'gulu la 741 lomwelo.

Ndatchula LM358 dala, chifukwa mapini ake ndi ofanana ndi a TL072 ndipo machipi olembedwa dzina lina pamwamba, mkati muli china, amapezeka. Ndisanawotcherere ndimayesa iliyonse: kulumikiza pini 1 ku pini 2 kuti geni ikhale 1, kulowetsa sikweya wevu wa 10 kHz wodumpha 10 V pa pini 3, nkuona m'mbali mwake. Chipi ya 0.5 V/µs imatenga 20 µs kukwera, pa theka la wevu la 50 µs kupendekera kumeneko kumaoneka ndi maso. TL072 yeniyeni imakwera nthawi yosakwana 1 µs, zomwe DSO138 singathe kuyeza poti iyo imalekezera pa 200 kHz, imangoonetsa khoma loima pafupifupi chilili. Nambala yeniyeni sindiipeza koma kusiyanitsa yachangu ndi yaulesi kumatheka, ndipo mwa zomwe ndinagula imodzi yapendekera, ndaiika pambali.

Chatsala ndi kuchoka pa mabatire awiri kupita pa imodzi ya 12 V, poti kunsanja kuli imodzi. Ndiika marezisita awiri a 10k ndi kapasita kupanga 6 V yapakati, ndipo TL072 safika kumalire a pawa, amasiya voti ndi theka kapena awiri mbali iliyonse, nde nsonga izithera cha pa 4 V. Ndiyambira geni ya 10 ndi 5 m'malo mwa 10 ndi 10, kenako ndilumikize tiransijusa yeniyeni ndiyesere pa diramu ya madzi pansi pano ndisanakwere nayo.