Chinanazi ndi botolo la uchi pa silaidi ya gulu la alimi

Ndimagwira ntchito mu ofesi yolembera ndi kusindikiza makalata pa Chitakale, ndipo sabata yathayi nthawi yanga yambiri inathera pa silaidi imodzi ya PowerPoint. Gulu lina la alimi a m'munsi mwa phiri la Mulanje, lomwe limagulitsa zinanazi ndi uchi, linkayenera kukaonetsa malonda ake kwa ogula ku Blantyre Lachisanu. Mlembi wa gululo, mayi wachikulire ndithu, anabwera Lolemba ndi zithunzi za mufoni, ndipo anati akufuna kuti chinanazi ndi botolo la uchi ziime pazokha pambali pa mitengo yogulitsira, popanda munda kapena khoma kumbuyo kwake.

Mu PowerPoint ntchitoyi imayamba ndi kudina chithunzi, kutsegula Picture Format, kenako kusankha Remove Background. Pulogalamuyo imalingalira yokha chimene chili chenicheni pachithunzipo, ndipo zonse zimene ikuganiza kuti nzakumbuyo imazipaka mtundu wa pinki wowala. Chilichonse chopakidwa mtunduwo chidzachoka. Pamene yalakwitsa, munthu amaikonza ndi mapensulo awiri: Mark Areas to Keep amabwezeretsa malo oyenera kutsala, pamene Mark Areas to Remove amachotsa malo amene atsala mosayenera. Mukakhutira mumadina Keep Changes. Chidachi chinayamba kupezeka mu Office 2010, ndipo makompyuta akale amene akadali ochuluka m'maofesi athu amaonetsanso kabokosi kamene mumakakoka kuti kazungulire chinthu chonse musanayambe kulemba mizere.

Chithunzi cha chinanazi chinajambulidwa m'munda, kumbuyo kwake kuli tiyi wobiriwira. Thupi la chipatsocho linatuluka bwino nthawi yomweyo, chifukwa chikasu chake chinkasiyana kwambiri ndi masamba a tiyi, koma nsonga yake ya masamba inapakidwa pinki yonse. Chifukwa chake nchakuti pulogalamuyo sidziwa chinanazi, imangoona pamene mtundu ndi kuwala zasinthira, ndipo pamene tsamba lobiriwira lagona pa tsamba lina lobiriwira siipeza malire. Ndinakulitsa chithunzicho pasikirini n'kuyamba kulemba mizere yaifupi pakati pa tsamba lililonse. Mzere suyenera kutsata m'mphepete mwa tsamba ngati mukulidula ndi lumo, chifukwa ntchito yake ndi kungouza pulogalamuyo kuti mtundu umene wadutsapowo utsale. Ukangopitirira pang'ono n'kukhudza tiyi, chigamba chonse cha munda chimabwerera. Zikatero ndi bwino kubwerera mmbuyo ndi Ctrl+Z kusiyana ndi kuunjika mizere yochotsa pamwamba pa yosunga, pakuti mizere ikachuluka malo amene munakonza kale amayamba kusokonekeranso.

Pofika Lachiwiri madzulo masamba anali atabwerera, koma vuto lina linaonekera. Chithunzicho chinadutsa m'mafoni angapo pa WhatsApp, amene amachepetsa zithunzi potumiza, ndipo chinanazicho chinali chakutali, kutalika kwake mapikiselo, timadontho topanga chithunzi, pafupifupi 250 okha. Silaidi yoonetsedwa pa sikirini ya 1920 × 1080 imakhala ndi mapikiselo 1080 kuchoka pamwamba kufika pansi, choncho chipatso chodzaza magawo atatu mwa anayi a msinkhuwo chimafuna pafupifupi 800. Kuchikoka mpaka pamenepo ndi kuchikulitsa koposa katatu, ndipo m'mphepete mwa masamba munkaoneka timano ngati ta sowo. Zakumbuyo zikadalipo diso silizindikira zimenezi msanga, koma chinthu chikaima chokha pa silaidi yoyera, m'mphepete mwake ndi momwe aliyense amayamba kuyang'ana.

Ndinawaimbira mayi aja n'kuwauza kuti, “Amayi, chithunzichi chatikana, mubwere ndi chinanazi chenichenicho pamodzi ndi botolo, tidzajambule konkuno.” Iwo anadandaula za mtengo wa kabaza, komabe Lachitatu anafika nazo. Tinamata pepala lalikulu loyera pakhoma la pakhonde, mbali ina n'kuigoneka patebulo kuti pasaoneke mzere wa pakona, ndipo tinajambula mumthunzi kuti pasakhale chithunzithunzi chakuda, chimene pulogalamuyo imakonda kuchitenga ngati mbali ya chinthucho. Chipatso tinachisendeza patsogolo pang'ono, foni n'kuiyandikitsa mpaka chinanazi chitadzaza chithunzi, ndipo fayilo tinaisamutsira pakompyuta ndi chingwe. Remove Background inagwira nsonga yonse payokha, ine n'kungochotsa timipata toyera tapakati pa masamba. Maganizo anga ndi akuti pa katundu amene angathe kunyamulidwa, kujambulanso kumaposa luso lililonse la mausi.

Botolo la uchi linali ndi khalidwe lakelake. Uchi ndi chivindikiro zinatsala bwino, koma pakati pa uchi ndi chivindikirocho panali galasi lopanda kanthu, ndipo zimene zimaoneka m'galasi ndi zakumbuyo zomwezo. Mukalichotsa, chivindikiro chimalendewera m'malere; mukalisunga, limasunga kuyera kwa pepala, kumene pa silaidi yobiriwira yomwe gululo linkafuna kunkaoneka ngati mkaka. Chidachi chimangodziwa kusunga kapena kuchotsa, sichipanga malo oonekera mkati pang'ono. Tinagwirizana zosunga galasilo ndi kusintha silaidi kuti mbali ya zithunzi ikhale yoyera, kubiriwira kutsale kumbali ya mawu ndi mitengo.

Chizindikiro cha gululo, chomwe chinali JPEG ya kumbuyo koyera, chinafuna njira ina, ya Color kenako Set Transparent Color, yomwe imachotsa mtundu umodzi wokha umene mwadina. Imagwira bwino pa chojambula cha mitundu yosasakanikirana, koma ili ndi misampha iwiri. Imachotsa mtunduwo paliponse, ngakhale mkati mwa chizindikiro, kotero zilembo zoyera zimasanduka mabowo. Ndiponso kuyera kwa JPEG si kumodzi, pafupi ndi zilembo pamakhala timadontho totuwa timene timatsala. Popeza chizindikirocho chinkakhala kumbali yobiriwira, ndinachisiya ndi kuyera kwake n'kuchidula mozungulira ndi Crop to Shape.

Lachinayi linali loyesa. Ndimaika kabokosi kakuda kumbuyo kwa chithunzi chilichonse n'kukulitsa mpaka 400%, pamene PowerPoint imalekezera, chifukwa zotsalira zoyera sizioneka pa silaidi yoyera koma zimadzaonekera tsiku limene wina asintha mtundu wa silaidiyo. Pansi pa chinanazi panapezeka kachidutswa ka pepala, ndipo ndinakachotsa. Kenako ndinadula malo opanda kanthu ndi Crop, pakuti malire a chithunzi amakhalabe aakulu monga poyamba ndipo amasokoneza poyalanitsa zinthu. Chinthu chochotsedwa zakumbuyo chimaoneka ngati chikuyandama, choncho ndinaika kamthunzi kofewa pansi pake kudzera mu Picture Effects, kofanana pa zithunzi zonse ziwiri.

Mayi aja anapemphanso zithunzizo kuti adzazigwiritse ntchito pa malebulo. Ndinazisunga ndi Save as Picture ngati PNG, chifukwa JPEG siisunga malo oonekera mkati ndipo imabwezeretsa bokosi loyera, ndipo ndinawauza kuti pa WhatsApp azizitumiza ngati Document, osati ngati chithunzi wamba. Lachisanu m'mawa ndinawaikira fayilo ya PowerPoint pa fulashi pamodzi ndi ina ya PDF, kuopera kuti kompyuta ya ku Blantyre ingasinthe maonekedwe a zilembo, ndipo ananyamuka pa minibasi yodzera ku Thyolo.