Ndinachotsa Ndemanga Zabodza pa Webusaiti Yathu, Ndiye Ndinayambira Pati?

Kampani yathu ndi yaing'ono. Timaika sola m'nyumba za anthu ku Blantyre kuno ndi madera ozungulira, nthawi zina mpaka ku Lunzu ndi ku Chileka. Pamene tinkapanga webusaiti, mnyamata amene anatipangirayo anasiya malo a ndemanga za makasitomala, ndipo poti tinalibe choikapo, anangolemba yekha zitatu. Mayina ongopeka, zithunzi za anthu akumwetulira zotola pa intaneti, mawu ake okoma ngati uchi. Ine ndinaziona ndithu, sindinganame, koma ndinangoti zikhale, palibe amene amawerenga zimenezo.

Tsiku lina bambo wina wokhala ku Britain, amene ankamangira makolo ake nyumba ku Chirimba, ananditumizira uthenga pa WhatsApp. Anati kotesheni waiona, koma asanatumize ndalama ndimupatse nambala ya mayi uja wayamikira pa webusaiti kuti achemwali ake akaone ntchitoyo ndi maso. Ndinatuluka thukuta. Mayiyo kunalibe. Ndinazengereza masiku awiri, kenako ndinamuuza zoona, ndipo ntchito ija inapita kwina. Madzulo omwewo ndinachotsa zitatu zonse, tsamba n'kukhala lopanda kanthu kwa miyezi iwiri.

Poyamba ndinkafuna kuimbira anthu asanu amene ndinkadziwa kuti amatikonda. Koma ndinaona kuti limenelo ndi bodza lomwe lija, langovala jekete. Ukasankha wekha oti akuyamikire, wowerenga amaganiza kuti akuona makasitomala ako onse pamene akuona anzako okhaokha. Ndiye ndinatenga buku la malisiti n'kulemba aliyense amene tinamugwirira ntchito m'miyezi 6 yapitayo, osadumpha ngakhale uja tinakangana naye za mtengo wa mawaya. Anakwana 31.

Apa ndinaphunzira chinthu chokhudza ife eni. Munthu wakwathu ukamufunsa pamaso kuti "ntchito yathu mwaiona bwanji?", amati "ayi ndithu, yabwino, pitirizani." Ndi ulemu chabe umenewo. Ngati wofunsayo ndi mnyamata yemwe anakwera padenga n'kudya nsima pakhomopo, ndiye basi, palibe angatchule cholakwika. Choncho ndinati amisiri asamafunse. Ndimafunsa ine, pa foni, komanso osati tsiku loika. Tsiku loika aliyense amasangalala poti nyali zayaka. Sola imadziwika bwino pakapita masabata atatu kapena anayi, magetsi atathimapo usiku wonse, kapena chiperoni chitakuta masiku atatu mu Juni dzuwa osaoneka. Munthu amene wadutsa zimenezo ndiye ali ndi chonena.

Funso loti "mwaiona bwanji" ndinalisiya. Ndimatumiza mafunso atatu: vuto lanu linali lotani tisanabwere, tinachita chiyani ndipo zinatenga masiku angati, ndipo n'chiyani chimene sichinakusangalatseni kapena chimene mukanakonda tikanachita mwanjira ina. Lachitatuli ndi limene limatsegula pakamwa, chifukwa wamupatsa munthu chilolezo chodandaula popanda kuoneka wamwano. Ndimawonjezera kuti akhoza kungojambula mawu m'malo molemba. Anthu ambiri kulemba ndime yonse pa foni amachita nako ulesi, koma kuyankhula amayankhula mpaka mphindi zitatu.

Mwa anthu 31 aja anayankha 14. Ena ndinawakumbutsa kamodzi pakatha sabata, osapitirira apo, poti kukakamiza kumabala ndemanga ya "zili bwino" yongofuna kuti uwasiye.

Ndifotokozeko za mayi wina wa ku Machinjiri, chifukwa ndi pamene ndinayesedwa. Anatumiza mawu a mphindi ziwiri ndi theka. Anayamba bwino: ana tsopano akuwerenga usiku, filiji sikusungunula nyama, anyamata anasesa pomaliza ntchito. Kenako anati, "Koma achimwene, munati mubwera Lolemba, mwabwera Lachitatu osandiuza, ine ndinajomba kuntchito. Komanso chinthu chanuchi chikumathima cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, chikumalira ngati wotchi."

Dzanja linkandiyabwa kuti ndidule pa "koma" paja. Theka loyambalo linali ndemanga yokongola, ndipo mawu onse anali akedi. Komatu kudula pamenepo n'kumunamizira munthu pogwiritsa ntchito mawu ake omwe. Ndinayamba ndatumiza mmisiri. Anapeza kuti cholakwa chinali chathu: batire linali la lifiyamu, koma pa inveta anasiya zoikamo za batire la mtundu wina, moti inkazimitsa batire likadali ndi mphamvu yambiri. Anakonza pa mphindi 20. Patatha masabata awiri ndinawaimbira mayiwo, anati sikuthimanso.

Ndinalemba mawu awo monga anayankhulira, Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi momwemo. Zimene ndimachotsa ndi za "eee", "ndiye kuti" wobwerezabwereza, ndi nkhani ya maliro a kumudzi imene inalowa pakati. Mawu awo sindiwakongoletsa. Mayi wa ku Machinjiri akayamba kuyankhula ngati chikalata cha kubanki, wowerenga aliyense amadziwa kuti walemba ndi mwini kampani. Ndikamasulira m'Chingerezi chifukwa cha makasitomala akunja, ndimaika Chichewacho pamwamba, n'kulemba pansi kuti tamasulira ndife. Ndinawatumizira zimene ndinalembazo n'kuwafunsa kuti, "Mayi, ndi zimene munanena izi? Pali choti ndichotse kapena kuwonjezera?" Anawonjezera okha chiganizo choti tinabwereranso osawalipiritsa. Pansi pake ndinaika yankho lathu la mizere iwiri, lovomera kuti tinachedwa masiku awiri osadziwitsa ndiponso kuti vuto la inveta linali lathu.

Ndemanga imeneyo ndi imene anthu amaitchula kwambiri akamaimba foni. Amati, "Ndinawerenga za mayi a ku Machinjiri aja." Ndikuganiza kuti chifukwa chake n'chakuti munthu wogula sola saopa kwenikweni kuti zinthu zingalakwike, amadziwa kuti zimalakwika. Amaopa kuti zikalakwika foni yako idzayamba kusapezeka.

Nkhani ya chilolezo ndinaiphunzira mopweteka pang'ono. Ndinkaganiza kuti munthu akavomera ndiye wavomera zonse. Bambo wina wa ku Namiwawa anandiimbira atakwiya ataona chithunzi cha nyumba yake pa tsamba lathu la Facebook, geti ndi mapanelo 8 padenga zikuoneka bwinobwino. Anandifunsa ngati ndikufuna kuitanira akuba. Ankanena zoona. Tsopano ndimafunsa zinthu payokhapayokha: mawu anu tiwaike? Dzina lonse, chilembo choyamba chokha, kapena tisatchule? Dera titchule? Chithunzi? Titha kupereka nambala yanu kwa wofuna kutsimikiza? Aliyense amayankha pa WhatsApp, ndipo ndimajambula yankholo n'kulisunga pamodzi ndi nambala ya lisiti. Zithunzi timajambula pafupi, inveta ndi batire pakhoma, osati nyumba yoonekera kumsewu. Si nkhani ya ulemu yokha: Malawi ali ndi lamulo loteteza zinthu zokhudza munthu, Data Protection Act la 2024, limene amaliyang'anira ndi a MACRA, ndipo dzina, nambala ndi chithunzi cha munthu zili m'gulu limenelo.

Mwa 14 aja analola 11. Anayi okha ndi amene anavomera kuimbiridwa foni ndi alendo, ndipo ndimawadziwitsa kaye ndisanapereke nambala.

Pa webusaiti, ndemanga iliyonse ili ndi zinthu zofanana pansi pake: dera, mwezi ndi chaka, ndi ntchito yeniyeni, mwachitsanzo "mapanelo 4, inveta ya 3 kVA, batire limodzi". Mwezi ndi wofunika chifukwa ndemanga yopanda deti ikhoza kukhala ya zaka zisanu zapitazo, amisiri ake anachoka kalekale. Ndimazisanja kuyambira yatsopano, osati kuyambira yokoma. Pamwamba pa tsambalo ndinalemba mawu ochepa: kuti timafunsa kasitomala aliyense pakatha mwezi, kuti pa 31 anayankha 14 ndipo 11 analola kuti tiike, komanso kuti palibe amene tinamupatsa kanthu. Mlamu wanga, amenenso tinamuikira sola, anayamikira kwambiri, koma yake sindinaiike. Ndikanaika, ndikanayenera kulemba kuti ndi mlamu wanga, ndipo ndani angaikhulupirire?

Za kusapereka kanthuzi tinakangana ndi mnzanga wa mu ofesi. Iye ankafuna tizitumiza mayunitsi kwa aliyense wolemba ndemanga, poti bandulo ndi yodula. Maganizo ake ndinawamva, koma munthu amene wamupatsa mayunitsi sangakunene, ndipo malamulo a Google, kumene anthu amalembanso ndemanga za makampani, amaletsa kupereka ndalama, mphatso kapena kuchotsera mtengo posinthana ndi ndemanga. Amaletsanso kusefa, kutanthauza kutumiza linki kwa okhutira okha n'kuwabisira odandaula. Akazindikira akhoza kuchotsa ndemangazo.

Ku Google n'kofunika chifukwa kumeneko sindingafufute chimene sindikuchikonda, ndipo owerenga amadziwa zimenezo. Mu Google Business Profile, tsamba la kampani yanu pa Google, muli batani la "Ask for reviews" limene limakupatsa linki yaifupi. Linki imeneyo ndimaitumiza kwa onse, mu uthenga womwe uja wa mafunso. Vuto ndi loti munthu ayenera kukhala atalowa mu akaunti yake ya Google, ndipo ambiri anawatsegulira ndi wogulitsa foni, pasiwedi saidziwa. Amenewo ndimangowasiya. Kuwalembera ine pa foni yanga, ngakhale mawu akhale awo, n'kubwerera kumene ndinachoka. Wopanga webusaiti uja ankafunanso kuika khodi ya pakompyuta yoti nyenyezi zimene makasitomala amatipatsa zizioneka munthu akatifufuza pa Google. Ndinamuuza asavutike: kuyambira mu 2019 Google sionetsa nyenyezi zimene kampani yadziikira yokha pa tsamba lake. Tinangoika linki yopita ku ndemanga za ku Google kuti munthu akadzionere.

Kumeneko tili ndi ya nyenyezi imodzi. Analemba ndi bambo uja wa mawaya. Akuti tinakweza mtengo ntchito ili mkati. Nditaiona usiku ndinalemba yankho lalitali lotentha, mwamwayi sindinatumize. M'mawa ndinayang'ana kotesheni ndipo ndinapeza kuti tinayeza mtunda wa kuchokera padenga kufika pamene panali inveta mongoyerekeza, mawaya n'kuperewera mamita 15, ndipo tinamuuza za ndalama yowonjezerayo titagula kale. Ndinayankha zomwezo mwachidule, osatchula dera lake kapena ndalama zimene analipira, n'kunena kuti tsopano timayeza ndi tepi tisanalembe kotesheni. Sanayankhe, ndipo nyenyezi yake imodziyo ikadali pomwepo. Sabata yatha tinakumana pa malo omwetsera mafuta ku Limbe, anandipatsa moni bwinobwino, n'kundifunsa mtengo wa batire lachiwiri.